Ana akuimba kanyimbo kanga, koma chiponde chikugulidwa cha ena

Funso: Ndimapanga chiponde kuno ku Mzuzu ndipo ndimasiya m'magolosale a ku Chibavi, Luwinga ndi Katoto. Dzina la bizinesi yanga ndi lachingerezi, la mawu atatu, ndipo pabotolo ndinajambulitsapo nkhanga. Chivindikiro ndi chobiriwira. Ndinalipira mnyamata wa situdiyo kuti andipangire nyimbo ya mphindi imodzi, dzina ndi nambala ya foni zili kumapeto, ndipo inamveka pawailesi kawiri pa tsiku kwa mwezi wathunthu. Ana a m'dera lathu akuiimba, koma ogulitsa akuti palibe amene akubwera kudzatchula chiponde changa. Mnyamatayo akuti tipange ina yatsopano. Ndilipirenso? — Mayi wa ku Chibavi

Yankho: Mayi, musalipire kaye. Nyimbo imene ana aigwira m'mwezi umodzi ndi yabwino, ndipo kuitaya n'kutaya chinthu chokhacho chimene ndalama zanu zagula. Cholakwika ndi malo amene dzina lakhala. Kagawo kamene anthu akuimba mulibe dzina, ndipo kagawo kamene muli dzina sakuimba. Pitani mukawamvere anawo osawaimitsa. Ndikukhulupirira mukapeza kuti amaimba mzere umodzi kapena iwiri yoyambirira, mwina yonena za kukoma kwa chiponde pabuledi, n'kubwereranso poyamba. Ngati zili choncho, mwezi wonsewo mwakhala mukutsatsira aliyense wopanga chiponde mu Mzuzu, pamodzi ndi opikisana nanu.

Tiyambire pagolosale, chifukwa nkhani yonse imathera pamenepo. M'sitolo zazikulu za m'tauni munthu amayenda yekha n'kunyamula botolo. M'magolosale ndi m'maokala ambiri a m'makomboni sizitero: katundu ali kuseri kwa kauntala kapena kwa waya, ndipo wogula ayenera kutchula pakamwa kapena kuloza ndi chala. Kawirikawiri wabwerayo ndi mwana wotumidwa, wanyamula mawu a mayi ake m'mutu. Akangoti "chiponde", wogulitsa amapereka chimene chili pafupi ndi dzanja kapena chimene amapezapo phindu lochuluka. Ntchito ya uthenga wanu pawailesi ndi kuika m'kamwa mwa mwana ameneyo mawu oti wogulitsa sangawasokoneze ndi a wina.

Dzina lachingerezi la mawu atatu silingagwire ntchito imeneyi. Munthu amene samasuka ndi Chingerezi amaopa kulitchula molakwika pamaso pa anzake, ndiye amangolipewa. Lisungeni pa zikalata za kaundula ndi kuseri kwa botolo, koma dzina la pakamwa muli nalo kale, ndilo nkhanga. Kafunseni ogulitsa anu kuti akamauza wantchito atenge botolo lanu amati chiyani. Sindingadabwe atakuuzani kuti "chija cha nkhanga". Mwayi wina ndi wakuti Mchewa ndi Mtumbuka onse mbalameyi amaitchula nkhanga, kotero dzinalo silisintha mukasintha chiyankhulo. Ndikuthokozaninso kuti simunajambule tambala, poti tambala m'dziko muno ali ndi eni ake pandale, ndipo ena akanayamba kufunsa chipani chanu asanalawe n'komwe.

Tsopano kanyimbo. M'ntchito imeneyi timasiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amaziphatikiza. Pali uthenga wamalonda, umene umasintha malinga ndi nyengo: mtengo watsika, botolo laling'ono lafika, sukulu zikutsegulidwa. Ndiye pali kachizindikiro ka mawu, ka masekondi atatu mpaka asanu, kamene sikasintha chaka ndi chaka. Kwa munthu wowerenga, chizindikiro cha kampani ndi chithunzi chimene amachiona pachikwangwani. Kwa munthu womvera, chizindikiro ndi kamvekedwe aka. Muuzeni mnyamata wanu adule kagawo kamene ana akuimbako, achotse mawu ake, aikemo "Chiponde cha Nkhanga". Awa ndi maphatikizo asanu ndi limodzi: chi-po-nde cha nkha-nga. Amakwana bwino m'masekondi atatu, ndipo munthu amawaimba ndi mpweya umodzi.

Pomanga mawu pamaimbidwe pali msampha. M'Chichewa, phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto ndilo timalikoka tikamamaliza mawu: chiPOnde, NKHAnga. Chitumbukanso chimatero. Oimba ambiri a m'situdiyo amayamba ndi kugunda kwa ng'oma za pakompyuta, kenaka n'kukanikiza mawu kuti alowemo, ndipo zotsatira zake n'zakuti kugunda kolimba kumagwera pa "nde" kapena pa "nga". Dzina loimbidwa motero limamveka lachilendo, womvera amagwira maimbidwe koma mawu osawatola. Chichewanso chili ndi kukweza ndi kutsitsa mawu kumene kumasintha tanthauzo, ndiye maimbidwe akamatsika pomwe mawu amakwera, khutu limavutika. Njira yake ndi yosavuta. Tchulani dzinalo mokweza kangapo ngati mukuitanira malonda mumsika, mumve pomwe liwu lanu likukwera ndi pomwe likugwa, ndipo maimbidwe atsate pomwepo. Ngati kagawo kakale kakukana, sinthani manoti awiri atatu, osati katchulidwe ka dzina.

Ndimakonda kuti kachizindikiro kakhale koitana ndi kuvomera: liwu limodzi liti "Chiponde cha…?", gulu liyankhe "Nkhanga!" Ife tinakulira nyimbo zovomera, kutchalitchi, paukwati, pamtondo, ndipo khutu lathu likamva choitana limafuna kuyankha. Mukatero dzina lokhalo ndilo limagwera m'kamwa mwa womvera. Kachizindikiroka kayimbidwe ndi anthu awiri kapena atatu, zoimbira zikhale zochepa, ndipo pa mawu akuti "Nkhanga" zoimbira zitsike kapena zingoti zii.

Uthenga weniweni ukhale wa masekondi 30, osati mphindi. Mukachotsa kachizindikiro koyambirira ndi komaliza mumatsala ndi masekondi pafupifupi 20 kapena 22 olankhula. Musamawerenge mawu, chifukwa athu ndi aatali: "chikupezeka" ndi liwu limodzi koma maphatikizo asanu. Werengani maphatikizo. Pa liwiro loti agogo amve bwino, ine ndimalola maphatikizo 90 mpaka 110 m'masekondi amenewo. Akapitirira, wolengeza amayamba kuthamanga ngati akuwerenga mauthenga otsala nthawi itatha. Wanu ndingaulembe motere:

*Kachizindikiro:* Chiponde cha…? Nkhanga!
*Mwana:* Zikomo a golosale, amayi akuti chiponde cha Nkhanga.
*Wogulitsa:* Chiti, ichi?
*Mwana:* Ayi, cha chivindikiro chobiriwira, chojambula nkhanga.
*Wolengeza:* Mtedza wokhawokha ndi kamchere, chopangidwa konkuno ku Mzuzu. Chikupezeka m'magolosale a ku Chibavi, Luwinga ndi Katoto.
*Kachizindikiro:* Chiponde cha…? Nkhanga!

Gawo lolankhulalo lili ndi maphatikizo pafupifupi 90, ndipo dzina lamveka kanayi. Mzere wofunika kwambiri ndi wa mwana wokana botolo lolakwika. Ukuphunzitsa womvera zoti akanene akapatsidwa cha wina, komanso ukumuuza chimene maso ake akayang'ane pashelefu popanda kuwerenga chilembo ngakhale chimodzi. Apa ndi pamene khutu ndi diso zimakumana, ndipo n'chifukwa chake chivindikiro chobiriwiracho tsopano simungachisinthe mwachisawawa. Ogulitsa mabotolo akadzakuuzani kuti zobiriwira zatha, zilipo zofiira, ndi bwino kudikira kapena kufunafuna kwina kusiyana ndi kutulutsa katundu wotsutsana ndi zimene wailesi ikunena. Nkhanganso ikule pachizindikiro cha botolo mpaka munthu aione ataima kunja kwa waya. Za "mtedza wokhawokha ndi kamchere" ndangoyerekeza. Ngati mumathiramo shuga kapena mafuta, nenani zoona. Musanene kuti chimachiza matenda, ndipo musatchule a Malawi Bureau of Standards ngati sanakupatseni chiphaso.

Mwaona kuti nambala ya foni ndaichotsa. Nambala zathu za m'manja zili ndi manambala khumi, ndipo kuwatchula bwinobwino kamodzi kumadya masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi. Kamodzi sikokwanira, ndiye kawiri mwadya theka la nthawi yolankhula. Munthu amene akumvera ali pamoto akuphika, kapena ali paminibasi yopita ku Ekwendeni, alibe cholembera, ndipo wofuna botolo limodzi sakuimbirani. Nambala imafunika kwa eni magolosale ofuna kupikula. Amenewo afikireni ndi phazi, kapena muwapangire uthenga wawo wapadera.

Za chiyankhulo, Mzuzu si Lilongwe. Mumsika mumamva Chitumbuka, Chichewa, Chitonga cha abale a ku Nkhata Bay, Chinkhonde cha ochokera ku Karonga, komanso Chiswahili cha amalonda. Chichewa chimafika kwa ambiri mumzindamu, koma mukatulukira ku Mzimba ndi ku Rumphi Chitumbuka ndicho chimalowa mumtima. Akuluakulu amakumbukira kuti Chitumbuka chinachotsedwa pawailesi ya boma mu 1968 n'kudzabwerera mu 1994, ndipo n'zosadabwitsa kuti salekerera chikamalankhulidwa mopotoka. Jambulani mauthenga awiri, kachizindikiro kakhale komweko. Uthenga wa Chitumbukawo aulembe munthu wobadwira m'Chitumbuka mutangomuuza nkhani yake, osati kumupatsa pepala la Chichewa kuti atembenuze mzere ndi mzere. Iye sadzanena mtedza, adzati skaŵa, ndipo mwana wa mu uthenga wakewo adzaodira wogulitsa monga mmene ana a kwawo amachitira. Musasakanize ziyankhulo ziwiri m'masekondi 30 omwewo pofuna kupulumutsa ndalama, pokhapokha ngati ndi kukambirana kwa anthu awiri kumene kumamveka choncho tsiku ndi tsiku, mwana kulankhula Chichewa wogulitsa n'kuyankha m'Chitumbuka. Zimenezo ku Mzuzu n'zachilengedwe ndipo zimakoma.

Mukabwerera ku situdiyo, musavomereze ntchito mutangomvera pa masipika aakulu a mmenemo. Mumenemo chilichonse chimakoma. Makasitomala anu amamvera pa kawailesi ka mabatire kapena ka sola, kapena pafoni yamabatani, pa sipika imodzi yaing'ono imene simatulutsa mabesi. Ngati mphamvu ya nyimbo yanu ili m'mabesi, pa kawailesi kotero imasowa, ndipo ngati gitala ndi kiyibodi zikulira pamlingo umodzi ndi liwu la munthu, zimameza mawu. Tengani foni yotchipa, ikanimo uthengawo, muiike patebulo, mupite kuchipinda china chitseko chili chotsegula. Mukamva dzina bwinobwino, zili bwino. Mukamva ng'oma zokha, zoimbira zitsike. Muuzeninso mnyamatayo amvere ataphatikiza mbali ziwiri za sitiriyo kukhala imodzi, chifukwa zokometsera zina zofutukula mawu zimachepetsa liwu zikaphatikizidwa choncho. Ku wailesi mukapereke fayilo ya WAV kapena MP3 yapamwamba pafulashi. Mukatumiza pa WhatsApp, tumizani fayilo yeniyeniyo ngati chikalata, osati kujambula zotuluka pasipika ngati uthenga wa mawu. Zoterezo zimamveka ngati munthu akulankhulira m'ndowa.

Musanamulipire, lembani pangano, ngakhale la tsamba limodzi. Malamulo a umwini wa zaluso, amene m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la COSOMA, amayamba ndi kuteteza wopeka nyimbo, choncho musadalire kuti poti munalipira ndiye kuti ndi yanu. Panganolo linene kuti mungaigwiritse ntchito pa wailesi iliyonse, kwa nthawi yonse, komanso kuti sadzagulitsa maimbidwe omwewo kwa wina. Mufunseni maso ndi maso ngati maimbidwewo anapeka yekha. Kutenga nyimbo ya woimba wotchuka n'kusintha mawu kungakubweretsereni mlandu, ndipo ngakhale popanda mlandu womvera amakumbukira woimbayo, osati inu. Nyimbo ya m'buku la kutchalitchi isiyeninso: mumzinda wa anthu opemphera ngati uno, ena zimawanyansa kumva nyimbo ya Mulungu ikugulitsa chiponde. Pochoka mutenge mafayilo awa: wa masekondi 30, wa 15, kachizindikiro pakokha, ndi zoimbira zopanda mawu. Zomalizazi ndi zimene zidzakupulumutseni ndalama, chifukwa chaka chamawa mudzangolipira munthu wolankhula pakati. Ngati wailesi ina ikukupangirani uthenga mwaulere monga mbali ya malipiro anu, funsani ngati mungautengere ku wailesi ina.

Tibwere pa ndalama zoulutsira. Mwezi wathawu munagula maulendo 60 a mphindi imodzi. Nthawi yomweyo mukaidula pakati ndi maulendo 120 a masekondi 30, ngakhale mtengo wa theka la mphindi sukhala theka ndendende, ndiye pemphani ndandanda ya mitengo muone nokha. Tingoti mwapeza maulendo 100. Musawamwaze pa mawailesi anayi. Munthu amagwira dzina akalimva mobwerezabwereza m'masiku oyandikana, osati kamodzi lero kenaka sabata yamawa. Ine ndingaike maulendo anayi pa tsiku kwa masabata atatu pa wailesi imodzi, omwe ndi 84, m'maola omwewo tsiku lililonse kuti anthu omwewo azikumana nawo. Otsala 16 ndingawasinthe kukhala a masekondi 15 n'kuwasungira masiku a malipiro a mwezi wotsatira. Waufupi umagwira ntchito pokhapokha wautali utaphunzitsa kale anthu. Ndipo ngati pali nyengo imene wopanga chiponde sayenera kukhala chete, ndi sabata yoti sukulu zogonera komweko zitsegulidwe, makolo akamalongedza zakudya za ana.

Wailesi iti? Zofika dziko lonse monga MBC ndi Zodiak zili ndi omvera ambiri, koma mtengo wake ukuphatikizapo makutu a ku Nsanje ndi ku Mangochi, kumene botolo lanu kulibe. Kwa munthu wogulitsa m'madera atatu a Mzuzu, yambani ndi za kuno monga Voice of Livingstonia kapena Radio Tigabane, ndipo Mzimba Community Radio idzabwere mukadzayamba kutumiza katundu kumeneko. Musasankhe potengera imene inu mumakonda. Yendani m'magolosale anu m'mawa ndi madzulo, mumve imene yatsegulidwa, mufunsenso amayi ogula kuti akamaphika amamvera iti. Kutchula dera limene mulibe katundu n'koipa kuposa kusalitchula, chifukwa munthu akafunsa kawiri n'kuuzidwa kuti kulibe, kachitatu safunsanso.

Pa nthawi, pemphani malo oyandikana ndi nkhani za m'mawa ndi za madzulo, ngakhale ndi odulirapo. Malo otchipa amene wailesi imasankha yokha akhoza kugwera usiku anthu atagona. Nenaninso kuti kanyimbo kanu kasagundane ndi mauthenga a maliro: omvera amakhala ambiri, inde, koma gulu lofuula "Nkhanga!" atangolengeza kumene za mwambo wa maliro limasiya kakomedwe koipa. Pemphani ndandanda yolembedwa ya masiku ndi maola, ndipo m'bale wanu mmodzi azichonga m'kope akamva. Magetsi amazima, mapologalamu a mpira kapena a mapemphero amatalika, ndipo mauthenga ena amadumphidwa popanda woipa mtima. Wokhala ndi kope amabwezeredwa maulendo ake mosavuta.

Kulipira wolengeza wotchuka kuti azitchula malonda anu ndi pakamwa pake kuli ndi ubwino wake, poti anthu amamukhulupirira. Vuto ndi lakuti liwu lomwelo mawa likutsatsa feteleza, mkuja sukulu yoyendetsa galimoto, kotero silingakhale chizindikiro chanu. Ngati mwatero, kachizindikiro kanu kalire iye asanayambe ndi atamaliza.

Musanapereke ndalama ku wailesi, yesani uthengawo pa anthu khumi osakudziwani, osati achibale kapena a kwaya yanu. Aseweretseni kamodzi kokha pafoni, pamalo aphokoso ngati kumsika kapena kudepoti, ndipo musawafunse ngati wakoma, chifukwa aliyense adzati wakoma. Chezani nawo zina kwa mphindi zingapo, kenaka mufunse kuti, "Mukanatumidwa kukagula chimene mwamva chija, mukanati chiyani kwa wogulitsa?" Mukatero muwaonetse mabotolo atatu, lanu ndi ena awiri, aloze. Ngati asanu ndi awiri mwa khumiwo atchula nkhanga n'kuloza molondola, ulutsani. Ngati ndi atatu okha, bwererani ku situdiyo. Akamati "chobiriwira chija" koma dzina osalitchula, vuto lili pa kachizindikiro. Akatchula dzina koma n'kuloza botolo lolakwika, vuto lili pa chizindikiro cha pabotolo.

Ukayamba kuulutsidwa, sankhani magolosale asanu amene eni ake mumagwirizana nawo. Lembani mabotolo amene akhala akutenga pa sabata m'masabata awiri apitawo, ndipo muwapemphe azichonga papepala aliyense wobwera n'kutchula "cha Nkhanga" asanalozeredwe. Machongi amenewa amayamba kuoneka malonda asanakwere, ndipo ndiwo akukuuzani ngati wailesi ikugwira. Machongi akachuluka koma mabotolo osayenda, funsani ogulitsa za mtengo wanu poyerekeza ndi wa anzanu, chifukwa pamenepo anthu akufika ndithu koma akubwerera pakauntala.

Pakadzatha miyezi itatu kapena inayi inuyo mudzatopa nako kanyimboka, ndipo mnyamata wa situdiyo adzabweranso ndi maganizo atsopano, poti iye amadyera kupanga zatsopano. Inu mudzakhala mutakamva kambirimbiri, pomwe mayi wa ku Zolozolo wangokamva kasanu. Muloleni asinthe nkhani ya pakati mmene angafunire, mwana akhale agogo, golosale ikhale geti ya sukulu, koma masekondi atatu aja ndi anthu owaimba asawakhudze. Kachizindikiro komweko kazilira pa sipika mukamakatsitsa katundu, ndipo mukadzathandizira pologalamu ya moni kapena mpikisano wa mpira wa m'dera, muwapatse fayilo ya kachizindikiro yomweyo.